VPN Yaulere: Amalipira Ndani?

Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, ndipo anthu ambiri anathamangira kuika VPN pafoni. Pa nthawi ngati imeneyo munthu amangotola yomwe yabwera pamwamba, bola ikhale yaulere. Komatu eni VPN amalipira mwezi ndi mwezi makompyuta akuluakulu, otchedwa maseva, omwe amanyamula intaneti yanu. Ngati inu simulipira, ndalamayo ikuchokera kwina.

Zimene mwini VPN amaona

Mukayatsa VPN, zonse zimene foni ikutumiza zimayamba zadzera pa seva ya mwini VPN. Kampani yanu ya foni siionanso kumene mukupita, koma iye amaona. Pa masamba oyamba ndi https sangawerenge mawu anu achinsinsi, komabe amadziwa dzina la tsamba, nthawi, ndi kuchuluka kwa deta. Zimenezi ndi malonda kale. Facebook inagula kampani ya Onavo mu 2013, ndipo kudzera mu VPN yake yaulere inkadziwa maapu amene anthu akuwakonda. Apuyo inachoka pa App Store mu 2018.

Kugulitsa intaneti yanu kwa alendo

Zotsatsa malonda zimene ma VPN ena aulere amadalira zimatopetsa, koma zimaonekera. Njira imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi yobisika, yomwe imasandutsa chipangizo chanu khomo lotulukira anthu ena.

Chipangizo chikakhala pa intaneti chimadziwika ndi nambala yotchedwa IP. Mabanki ndi masitolo amakayikira nambala zochokera ku maseva, koma amakhulupirira za m'makomo ndi za mafoni chifukwa zimaoneka ngati za munthu wamba. N'chifukwa chake nambala zotere zili ndi msika. Apu imakupatsani VPN yaulere, kenako mwakachetechete imalola amene alipira kuti adutsitse zochita zawo pa intaneti yanu. Zili ngati kubwereketsa njinga kwa munthu wosamudziwa: akakaba nayo mbuzi, mboni zidzatchula njinga yanu.

Mu 2015 zinadziwika kuti Hola, VPN yaulere yotchuka, inkagulitsa intaneti ya anthu ake kudzera mu kampani ina yotchedwa Luminati. Nkhaniyi inaphulika munthu wina atagwiritsa ntchito njirayi kusokoneza tsamba la 8chan.

Nkhani ya 911 S5

Mu Meyi 2024 boma la America linalengeza kuti lathetsa gulu la makompyuta obedwa lotchedwa 911 S5, ndipo YunHe Wang, yemwe linati ndiye mwini wake, anamangidwa ku Singapore. Malinga ndi bomalo, nambala za IP zoposa 19 miliyoni za m'mayiko pafupifupi 200 zinagwa mumsamphawu. Nyambo yake inali ma VPN aulere a pa Windows monga MaskVPN, DewVPN ndi ShieldVPN. Ena sanawaike mwadala n'komwe: ankabwera atabisika m'magemu ndi m'mapulogalamu okopedwa mozemba malamulo.

Munthu akaika MaskVPN, pulogalamu ina inkayamba kugwira ntchito mobisa. Chigawenga chili kudziko lina chinkalipira, n'kusankha nambala ya mzinda womwe chikufuna, n'kutumiza pempho labodza la ndalama zothandizira anthu pa nthawi ya Kovidi-19. Oona pempholo ankaona ngati lachokera m'nyumba ya munthu wosalakwa uja. Bomalo linati Wang anapeza madola pafupifupi 99 miliyoni kuyambira 2018 mpaka 2022. Eni makompyuta sanalandire kanthu, koma dzina loipa linatsala pa nambala zawo.

Mungazindikire bwanji?

Yambani ndi bandulo. Pa Android tsegulani Settings, muone deta imene apu iliyonse yadya, makamaka pomwe palembedwa Background. VPN imene ikudya deta yambiri chonsecho simunaiyatse ikutumikira wina ndi ndalama zanu. Chizindikiro china n'chakuti masamba amayamba kukufunsani pafupipafupi kuti mutsimikize kuti ndinu munthu, ngakhale VPN ili yozimitsa, koma zimenezi zimachitikanso pa zifukwa zina.

Pa Windows tsegulani Task Manager mufufuze mayina awa a MaskVPN ndi DewVPN, omwe FBI inatchula:

```
mask_svc.exe
dew_svc.exe
```

Mukawapeza, imitsani pulogalamuyo, ichotseni, kenako musinthe mawu achinsinsi. Ndipo VPN ikakupemphani kuika satifiketi yake pafoni, kanani, chifukwa imeneyo ingaipatse mwayi wowerenga ngakhale zina zotetezedwa ndi https.

Zaulere zonse n'zoipa?

Ayi. Proton VPN ya ku Switzerland ili ndi gawo laulere lomwe limayendetsedwa ndi ndalama za anthu olipira, ndipo malire ake amanenedwa poyera: maseva ochepa ndi chipangizo chimodzi pa nthawi. Musanaike VPN iliyonse, fufuzani dzina la kampani yake, dziko limene ili, ndi chimene imagulitsa. Imene ikulonjeza zonse kwaulere popanda malire, koma yosanena mwini wake, isiyeni.