Kuyankhula popanda woyankha "tili tonse"

Wokamba nthano pamoto akati "padangotero", sapitirira mpaka ana atayankha kuti "tili tonse". Mayankhowo akayamba kuchepa mphamvu, amadziwa kuti tulo tafika, ndipo amaponyapo kanyimbo kapena kudula nthano. Mphunzitsi, mlaliki ndi mlangizi wa zaulimi amachitanso chimodzimodzi, ngakhale sadziwa kuti akutero. Amaona nkhope yakwinyika nabwereza mfundo. Amaona anthu akugwedeza mitu nafulumira.

Pa msonkhano wa pa intaneti, zonsezi zimasowa. Pa Zoom pali mtundu wa msonkhano wotchedwa Webinar, womwe omvera amaona woyankhula koma iye sawaona, ndipo mawu awo samveka pokhapokha woyendetsa msonkhano atawatsegulira. Ngakhale pa msonkhano wamba, ambiri ku Malawi ndi ku Zambia amazimitsa kamera pofuna kusunga bandulo, kapena chifukwa netiweki ikavuta chithunzi ndicho chimayamba kudukaduka. Woyankhula amatsala ndi mndandanda wa mayina ndi timabokosi takuda. Pepala lomwe analemba poganizira holo yodzaza anthu silingagwire ntchito momwe lilili. Ntchito yomwe nkhope za anthu zinkamugwirira iyenera kulembedwa m'pepalamo msonkhano usanayambe.

Vutoli si lachilendo, chifukwa a wailesi anakumana nalo kalekale. Pa 12 Malichi 1933, mtsogoleri wa dziko la America, Franklin Roosevelt, anayankhula pa wailesi mabanki a m'dzikomo atatsekedwa kwa masiku angapo chifukwa anthu ankathamangira kukatapa ndalama zawo. Sanayankhule ngati ali pa nsanja. Anafotokoza pang'onopang'ono, m'mawu osavuta, zomwe banki imachita ndi ndalama zomwe munthu wasungitsa, chifukwa chomwe mabanki anatsekedwera, ndi momwe adzatsegulidwire kuyambira mawa lake. Nduna yake ya zantchito, Frances Perkins, inalemba pambuyo pake kuti pa maikolofoni iye ankamwetulira ndi kugwedeza manja ngati wakhala pa khonde ndi omvera ake. Mabanki atatsegulidwa, anthu ambiri anabweza ndalama zawo.

Phunziro loyamba lili pomwepo. Womvera pa intaneti amakhala yekha, mwina pa khonde, mwina mu ofesi, foni ili m'manja. Mawu ngati "nonse amene mwadzaza muno" samukhudza. Pepala lilembedwe ngati likuyankhula ndi munthu mmodzi wolemekezeka: "inu amene mwakolola chimanga chaka chino".

Chitsanzo choyerekeza chingathandize. Mlangizi wa zaulimi wapatsidwa mphindi 20 kuti aphunzitse atsogoleri a makalabu a alimi kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS, matumba osalowa mpweya omwe anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America. Phunziroli waliphunzitsapo kambirimbiri pansi pa mtengo, ndipo pepala lake lili ndi mawu awa: "Monga mukuonera apa, thumbali lili ndi magawo. Ili mumamanga chonchi, kenako ili, kenako ilo. Tamvana?"

Pansi pa mtengo, ziganizo zimenezi ndi zokwanira, chifukwa manja ndiwo akuyankhula. Pa intaneti ndi zopanda kanthu. Mawu olozera, monga "apa", "ili", "chonchi" ndi "uko", amadalira maso. Womvera amene chithunzi chake chaima, kapena amene waika foni m'thumba la malaya n'kumangomvera, sadziwa chomwe chikulozedwa. Choncho ntchito yoyamba ya mlangiziyo ndi kutenga cholembera, kuzunguliza mawu onse olozera, ndi kuika dzina la chinthu pamalo pa lililonse. Ndime ija imasanduka motere: "Thumba la PICS ndi matumba atatu ovalana. Awiri am'kati ndi apulasitiki, lachitatu lakunja ndi saka wamba wolukidwa. Mukathira chimanga, yambani ndi lam'kati kwenikweni. Finyani mpweya utuluke, potokolani kukamwa kwake, pindani, mumange. Mukatero mumange lachiwiri palokha, kenako lakunja palokhanso. Matumba atatu, mfundo zitatu."

Ndime yatsopanoyi ndi yaitali kuposa yakale, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Nambala yanenedwa poyamba kuti womvera adziwe zinthu zingati zomwe akuyembekezera, ndipo yabwerezedwa pomaliza. Njira yoyesera ndi yosavuta: kuwerengera munthu wa pakhomo atatembenukira kumbali, kenako kumupempha kuti afotokoze zomwe wamva. Akalephera kunena thumba loyamba kumangidwa, ndiye kuti ndimeyo ikudalirabe maso.

Zithunzi zoonetsa pa sikirini zili ndi vuto lomwelo. Tebulo la manambala lomwe limawerengeka pa khoma la holo limasanduka nyerere pa foni. Mlangiziyo akasintha chithunzi azinena kuti wasintha ndi chomwe chilipo: "Tsopano ndaika chithunzi cha botolo lomwe muli mchere ndi chimanga." Amene sakuona sanatayike, ndipo amene chithunzi chachedwa kumufika amadziwa kuti vuto lili kwa iye.

Kenako pali funso lija lakuti "tamvana?". Pa intaneti funso limeneli limagwera m'chitsime. Maikolofoni a anthu ndi otseka, aliyense akudikira mnzake, ndipo woyankhula akamva zii kwa masekondi atatu amachita mantha n'kupitirira. Komatu womvera amafunika nthawi: mawu amachedwa pang'ono kumufika, ayenera kutulutsa foni, kupeza pomwe palembedwa `Chat`, ndi kulemba ndi chala chimodzi.

Funso labwino la msonkhano wotere limanena zinthu zitatu: chomwe chikufunsidwa, poyankhira, ndi nthawi yomwe woyankhula adikire. Yankho lake likhale lalifupi, nambala kapena liwu limodzi. Mlangiziyo akamaliza kufotokoza kayesedwe ka kuuma kwa chimanga, kuti munthu amathira chimanga ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma bwino n'kukhutchumula, akhoza kufunsa motere: "Mchere wakakamira m'mbali mwa botolo. Ngati chimangacho chauma, lembani 1 mu `Chat`. Ngati sichinaume, lembani 2. Ndidikira theka la mphindi." M'pepala mwake alembe ndi zilembo zazikulu kuti adikire, ndipo ayang'ane wotchi, chifukwa theka la mphindi la chete limaoneka lalitali kwambiri kwa amene akuyankhula.

Yankho lolondola ndi 2, popeza mchere umakakamira ukayamwa chinyezi chochokera m'chimanga. Funsoli likuposa "tamvana?" chifukwa limaonetsa zomwe zalowadi m'mutu. Munthu amavomera kuti wamva ngakhale asanamve, pochita ulemu, koma akalemba 1 wadziulula yekha. Apa ndi pomwe pepala liyenera kukhala ndi mphanda. Pansi pa funsolo palembedwe njira ziwiri: ambiri akayankha bwino, mlangizi apitirire, mayankho akasakanikirana, awerenge kandime kapadera komwe wakonzeratu, kofotokoza mfundo yomweyo m'mawu ena, monga kukumbutsa momwe mchere wa m'khitchini umaundanirana nthawi ya dzinja. Pansi pa mtengo kufotokoza kwachiwiri kumabwera kokha akaona nkhope. Pa intaneti kukapanda kulembedwa sikubwera.

Kuwerenga mayankho uku ukuyankhula n'kovuta, ndipo maso akamathamangira m'mbali mwa sikirini mawu amadodoma. N'chifukwa chake misonkhano yokonzedwa bwino imakhala ndi munthu wachiwiri woyang'anira `Chat` ndi `Q&A`. Iyeyu apatsidwe pepala lomwelo, lokhala ndi zizindikiro za malo omwe adzalowererepo, kuti anene mwachidule: "Alangizi, anthu asanu akufunsa ngati thumba lingagwiritsidwenso ntchito chaka chamawa." Ndiye maso a woyankhula. Ndiyenso woyamba kudziwa mawu akaduka, ndipo awiriwa agwirizane kuti zikatero amuimbira foni, poti munthu akhoza kuyankhula mphindi zingapo maikolofoni ali otseka osazindikira.

Chinthu china chomwe holo ilibe ndi anthu otuluka ndi kubwerera mosaoneka. Magetsi akazima kapena netiweki ikagwa, womvera amasowa kwa mphindi ziwiri n'kulowanso pakati pa chiganizo. Pepala lokonzedwa bwino limamuikira zikwangwani. Phunziro la mlangizi likhoza kugawidwa patatu: kuumitsa, kumanga, kusunga. Polowa gawo lililonse anene pomwe afika: "Tamaliza za kuumitsa, ndipo mfundo yake inali yakuti chimanga chosauma chimachita nkhungu m'thumba lotseka. Tsopano gawo lachiwiri mwa atatu, kamangidwe." Mfundo yomwe siyenera kuphonyedwa, yakuti thumba likabooka kapena likamatsegulidwa pafupipafupi mpweya umalowa ndipo anankafumbwe safa, inenedwe kawiri m'malo otalikirana, kuti amene anaduka koyamba aipeze kachiwiri.

Nthabwala nazo zimafuna kusamala. M'holo woyankhula amaima kuti anthu aseke. Pa intaneti kuseka sikumveka, ndipo kuimako kumamveka ngati netiweki yaduka. Nkhani yoseketsa yomwe ili ndi phunziro ikhoza kukhala, koma isadalire kuyankhidwa.

Zonsezi zimadya nthawi, choncho china chiyenera kuchoka. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Pa mphindi 20, mlangizi achotsepo imodzi ya malonje ndi kufotokoza poyankhira, ndi zitatu za mafunso atatu pamodzi ndi kudikira kwake. Zatsala 16. Awerenge tsamba limodzi mokweza, pa liwiro lomwe mlimi angalembere manambala, akuyang'ana wotchi. Ngati wapeza kuti amatchula mawu 90 pa mphindi, pepala lake lisapitirire mawu 1,440. Kuyesa yekha n'kofunika chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo liwu limodzi ngati "sitidzawagwiritsanso" limanyamula chiganizo chonse. Miyezo ya m'mabuku a Chingerezi ingamunamize.

Maonekedwe a pepalalo asinthenso. Ndime zazitali zimakokera maso pansi, ndipo omvera amaona pamutu m'malo mwa nkhope. Ziganizo zilembedwe chimodzi pa mzere, ndi zilembo zazikulu, ndipo pepala kapena zenera la zolembazo liikidwe pafupi ndi kamera momwe zingathekere. Mapepala asamangidwe pamodzi, chifukwa maikolofoni amatola phokoso la kutembenuza. Tsamba lomwe latha lingokankhidwira pambali.

Mathero a phunziro m'holo amadziwika okha, anthu amaomba m'manja n'kuimirira. Pa intaneti woyankhula akangoti "basi, ndi zomwezo", pamakhala chete wosokoneza, ena n'kuyamba kutuluka mafunso asanayambe. Mzere womaliza wa mlangizi unene chochita ndi amene akulandira mawu: "Sabata ino yesani chimanga cha kalabu yanu ndi botolo la mchere musanathire m'matumba. Tsopano ndikubwezera kwa oyendetsa msonkhano, omwe awerenge funso loyamba." Pansi pa mzerewo, m'pepala mwake, palembedwe mafunso awiri omwe alimi amakonda kufunsa, monga ngati m'thumba la PICS mumafunika kuthira mankhwala, kuti `Q&A` ikakhala yopanda kanthu wothandiza uja ayambe ndi amenewo pomwe ena akulemba awo.