Kukana ntchito popanda kutseka khomo

Ambiri a ife sitidziwa kunena kuti ayi kwa munthu amene watichitira zabwino. Bungwe likatipatsa ntchito imene sitikuifuna, timayankha kuti "ndiganize kaye," kenako zii. Foni ikalira sitiyankha, imelo sitiitsegula. Ife timayesa ulemu, koma ku ofesi kuja akuona chipongwe.

Chifukwa chake n'chakuti intavyu ikatha, oyesa aja amasanja mayina: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Wachiwiriyo nthawi zambiri sauzidwa kanthu mpaka woyamba atayankha. Inu mukakhala chete milungu iwiri, iye akhoza kupeza ntchito kwina, ndipo bungwe liyambiranso kulengeza m'nyuzipepala, kuitana anthu ndi kusonkhanitsa mabwana. Woona za olembedwa ntchito sakwiya ndi munthu wokana, pakuti zoterozo amakumana nazo chaka chilichonse. Amene samuiwala ndi amene anam'tayitsa nthawi.

Tiyerekeze mayi wowerengera ndalama pa kampani ina ku Blantyre, amene ali pa ntchito yokhazikika. Bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe lamutumizira kalata Lolemba kuti lamutenga, pa kontirakiti ya chaka chimodzi, ndipo likufuna yankho pofika Lachisanu. Malipiro ndi okwererapo, koma akawerengera lendi ya ku Lilongwe, kusamutsa ana pakati pa chaka cha sukulu, ndi kuti ndalama za pulojekiti zikatha ntchitonso yatha, akuona kuti sizikumupindulira. Watsimikiza Lachitatu. Ayankhe Lachitatu lomwelo, asadikire Lachisanu.

Ayambe ndi foni, kuimbira amene anasaina kalata ija kapena amene wakhala akulankhula naye. Uthenga wa pa WhatsApp wokha n'ngopepuka kwa anthu amene anakhala naye pansi ola lathunthu. Mawu ake akhale ochepa: "Bwana, ndathokoza kwambiri kuti munandikhulupirira. Ndalingalira mofatsa, ndipo sinditha kuilandira ntchitoyi, chifukwa pano sindingathe kusamutsa banja. Ndati ndikuuzeni msanga kuti mupeze wina." Tsiku lomwelo atumize imelo yobwereza zomwezo, yotchula dzina la ntchito ndi tsiku la kalata, kuti ilowe m'failo.

Onani kuti mawu akuti "sinditha" aonekera poyera. Kuzungulira ndi "mwina" komanso "tiona" kumachititsa bwana kuganiza kuti mukufuna akuwonjezereni ndalama, ndiye amathamanga kukapempha chilolezo kwa akuluakulu, n'kudzachita manyazi inu mutakananso. Ngati vuto lilidi malipiro, nenani zimenezo musanakane, ndipo tchulani ndalama imene mungavomere. Kukambirana ndi kukana ndi zinthu ziwiri.

Chifukwa chimodzi n'chokwanira, ndipo chikhale choona. Musanamizire matenda kapena maliro. Anthu a ntchito imodzi m'dziko muno amadziwana, amakumana ku misonkhano ku Mangochi ndi ku Salima, ndipo bwana amene mwamunamiza lero mudzam'peza pa intavyu ya bungwe lina. Koma kunena zoona sikutanthauza kukhuthula zonse. Ngati munamva kuti kumeneko malipiro amachedwa, zisungeni mumtima, mungonena kuti mwasankha kukhalabe kumene muli.

Za m'tsogolo nazonso zinenedwe molunjika. "Tidzaonanabe" aliyense amanena. Mayi uja anene kuti, "Mukadzakhala ndi ntchito yotereyi ku ofesi yanu ya Kummwera, mudzandikumbukire," chifukwa mawu otero bwana akhoza kuwalemba pambali pa dzina lake. Ngati akudziwa mnzake waluso amene akusaka ntchito angathe kum'tchula, atam'funsa kaye mwini wakeyo. Asaiwalenso munthu amene anamuuza za ntchitoyo kapena kum'perekera umboni. Ameneyo anaikapo dzina lake, ndipo amve nkhaniyi kwa iye, osati kwa ena.

Zimavuta kwambiri munthu akasaina kale. Ena amavomera ntchito ziwiri n'kumadikira yonona, kuiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mukasaina mwalowa m'pangano, ndipo wachiwiri uja wauzidwa kale kuti sanapambane. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limalola mbali iliyonse kuthetsa pangano popanda notisi munthu akadali pa nthawi yoyesedwa, koma wolandira malipiro pamwezi pa kontirakiti yopanda tsiku lothera, amene sali pa nthawi imeneyo, amayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi. Choncho werengani zimene munasaina, imbani foni tsiku lomwelo, ndipo mupepese popanda kudzikhululukira. Ngati mukudikira yankho la bungwe lina, pemphani masiku owonjezera musanasaine, mutchule tsiku lenileni limene mudzayankhe. Ndipo musakane ntchito ili m'manja chifukwa cha lonjezo la pakamwa: dikirani kalata.