Kupeza Nambala Yapakati pa Mindandanda Iwiri

Nambala yapakati pa mindandanda iwiri yosanjidwa kale imapezeka popanda kuiphatikiza. Mndandanda uliwonse umadulidwa pawiri kuti theka la manambala onse likhale kumanzere, ndipo pasapezeke yakumanzere yoposa yakumanja.

Mwachitsanzo, `[1, 3, 8]` ndi `[2, 4, 7, 9, 12, 15]` ndi manambala 9, choncho kumanzere kukufunika 5. Kutenga imodzi pa woyamba ndi zinayi pa wachiwiri sikuthandiza, chifukwa 9 yagwera kumanzere pomwe 3 yatsalira kumanja. Podulapo pakasunthidwa, kumanzere kumakhala 1, 3 ndi 2, 4, 7, ndipo kumanja kumayambira pa 8 ndi 9. Apa zatheka: yankho ndi 7, yaikulu ya kumanzere.

Kusakaku kumachitikira pa mndandanda waufupi, kuopa kudula kunja kwa malire a winawo. Kuyesa kulikonse kumataya theka la malo odulapo otsala, n'chifukwa chake nthawi yake ndi `O(log min(m, n))`.