Chiarabu cha M'buku ndi Chiarabu cha Pamsika

Si zachilendo kuona mwana amene amakhoza bwino Chiarabu ku madrasa akusowa chonena pamene wakumana ndi Mwarabu koyamba. Zomwezi zimawagweranso akuluakulu opita ku Haji kapena kukaphunzira ku Madina. Mtima umagunda, lilime limalemera, ndipo munthu amangomwetulira.

Choyamba tidziwe kuti Chiarabu cha m'mabuku, chotchedwa fus-ha, si chimene Aarabu amalankhula kunyumba ndi pamsika. Ife tinaphunzira kufunsa moyo kuti "Kaifa haluka?" koma wa ku Ejipito amati "Izayyak?" Iye chilembo cha jimu amachitchula ngati "g", choncho "jamil", kutanthauza chokongola, amati "gamil". Tsono mukalephera kumumva musadziyese mbuli. Mwauleme mpempheni kuti, "Bil fus-ha, min fadhlik." Amene anapita kusukulu amatha kusintha.

Chachiwiri, ambiri amachita chibwibwi poopa kulakwitsa mathero a mawu: kodi ndinene "kitabun", "kitaban" kapena "kitabin"? Pocheza, eni chilankhulo mathero amenewa amawasiya. Ingonenani "kitab", palibe angakusekeni. Izi ndi za kucheza kokha, osati powerenga Qur'an. Chofunika kusamala ndi kusiyanitsa "anta" wa mwamuna ndi "anti" wa mkazi.

Chachitatu, lowezani mawu okupulumutsani: "Lam afham" (sindinamve), "Aid" (bwerezani) ndi "Uktub" (lembani).

Tiyerekeze kuti muli pamsika ku Madina, mukufuna tende. Mwapereka salamu, kenaka mwafunsa mtengo kuti, "Bikam hadha?" Wogulitsa wayankha mothamanga, "Khamsa wa ishirin." Inu mwangogwira "khamsa", ndiye 5. Apa ndi pamene manyazi amaika munthu m'mavuto, chifukwa amavomera ndi mutu n'kutulutsa mariyali 5. Kumbukirani kuti Chiarabu chimayamba ndi nambala yaing'ono: 5 ndi 20, ndiye kuti 25. Nenani, "Lam afham, aid min fadhlik." Zikakanikabe, nenani "Uktub", iye alembe. Koma chenjerani: 5 wa Chiarabu amaoneka ngati ziro wathu, ndipo ziro wawo ndi kadontho chabe.

Mungadziwe kuti sanakumveni akayankha zosiyana ndi funso lanu. Pamenepo musathawire ku Chingerezi. Fupikitsani chiganizo, lozani chinthucho, mubwereze.

Makolo, yambani kuwazoloweretsa ana asanakumane ndi mlendo. Mukatha swala ya Magharibi, patulani mphindi 10, wina akhale wogulitsa, wina wogula, mitengo muzisinthasintha. Mwana akalakwitsa mlekeni amalize kaye chiganizo, kenaka mum'konze chinthu chimodzi chokha. Mwana wodulidwa pakamwa kawirikawiri amaphunzira kukhala chete, pamene womvetseredwa mpaka kumapeto amadzalimba mtima pamaso pa mlendo, Insha Allah.