Mzere umodzi umene umasuntha ntchito pa bolodi

Magulu ambiri olemba mapulogalamu a pakompyuta amakhala ndi bolodi la ntchito. Ntchito iliyonse ili ndi khadi lake ndi nambala yake, ndipo makhadiwo amayenda kuchoka pa mzati wa zoyenera kuchitika, kudutsa pa zimene zili mkati, kukafika pa zomwe zatha. Kusuntha khadi ndi ntchito imene aliyense amaiwala. Munthu amakonza vuto Lachiwiri, khadi n'kukhalabe pomwepo mpaka Lachisanu, mnzake n'kuyamba kukonzanso zomwe zinakonzedwa kale. Chifukwa cha ichi, makampani opanga zida zimenezi anakonza njira yoti khodi yolembedwayo izisuntha yokha khadi lake.

Khodi ya magulu ambiri imasungidwa ndi Git, pulogalamu imene Linus Torvalds analemba mu 2005. Wolemba akasintha kanthu, amasunga zosinthazo ndi lamulo la `git commit`, n'kulembapo uthenga wachidule wofotokoza zomwe wachita. Nthawi zambiri sagwira pa khodi yaikulu mwachindunji. Amatsegula nthambi yakeyake, ndipo akamaliza amatumiza pempho loti anzake aunike zosinthazo ndi kuziphatikiza ku nthambi yaikulu. Pa GitHub pempholi limaoneka ndi dzina loti `Pull request`, ndipo ntchito zimalembedwa pansi pa `Issues`. Mu 2013 GitHub inalola kuti mawu olembedwa m'pempho azitha kutseka ntchito pa nthawi yophatikiza.

Tiyerekeze kuti gulu lina likusamalira pulogalamu ya sitolo yogulitsa pa intaneti. Wogula wina wadandaula kuti akachotseredwa mtengo, lisiti likuonetsabe ndalama zonse. Dandaulo lalembedwa ngati ntchito nambala 214. Mayi wina wa m'gululo watenga ntchitoyo, watsegula nthambi, wapeza pamene masamu akulakwika ndipo wakonza. Potumiza pempho lake, m'bokosi lofotokozera walembamo mzere uwu:

```
Fixes #214
```

Mzere womwewo ndiwo ukugwira ntchito yonse. GitHub ikauwerenga, imalumikiza pempho ndi ntchito 214, ndipo aliyense wotsegula ntchitoyo amaona kuti wina akuigwira kale. Khadi silitsekedwa pomwepo. Anzake amawerenga khodi, mwina kupempha kuti akonze zina, ndipo pempho likaphatikizidwa ku nthambi yaikulu, ntchito 214 imatsekeka yokha. Ngati gululo likugwiritsa ntchito bolodi la GitHub Projects, muli kale lamulo loti ntchito ikatsekedwa ipite pa mzati wa `Done`. Mayi uja sanakhudze bolodi ngakhale kamodzi.

Mawu amene GitHub imamvera ndi asanu ndi anayi okha: `close`, `closes`, `closed`, `fix`, `fixes`, `fixed`, `resolve`, `resolves` ndi `resolved`. Kulemba `#214` popanda liwu lililonse mwa awa kumangosiya chizindikiro pa ntchitoyo kuti yatchulidwa penapake, koma sikuitseka. Kusiyana kumeneku n'kothandiza kwambiri. Ntchito yaikulu yofuna mapempho atatu iyenera kungotchulidwa m'mapempho awiri oyamba, liwu lotseka n'kusungidwira lomaliza.

Madandaulo ambiri oti khadi lakana kusuntha amachokera pa nthambi. Mawuwa amagwira ntchito pokhapokha pempho likulunjika ku nthambi yaikulu ya nkhokwe ya khodiyo, imene kuyambira mu Okutobala 2020 GitHub imaipatsa dzina loti `main` pa nkhokwe zatsopano. Tsono magulu ena amayamba kusonkhanitsa ntchito zawo pa nthambi ina, monga `develop`, ndipo amapititsa ku `main` patapita masiku. Mayi uja akalunjika pempho lake ku `develop` pamene nthambi yaikulu ndi `main`, GitHub inyalanyaza mzere wake. Pempho liphatikizidwa bwinobwino, ntchito 214 ikhalabe yotsegula. Kudziwa zimenezi nthawi ikadalipo n'kosavuta: pambali pa pempho pali kachigawo kotchedwa `Development`, ndipo kulumikizana kukagwira, nambala ya ntchito imaoneka pamenepo. Pakakhala pa mbee, ndiye kuti china chalakwika.

Gulu lotere lingathe kuika `develop` kukhala nthambi yaikulu, kapena kulemba liwu lotsekalo mu uthenga wa `git commit`. Likalembedwa mmenemo, ntchito imatsekeka tsiku limene zosinthazo zafika ku nthambi yaikulu, ngakhale zitadzera njira yaitali.

Palinso kalembedwe. Munthu wofuna kutseka ntchito ziwiri amalemba `Fixes #214, #215` n'kudabwa kuti yachiwiri sinatsekeke. Nambala iliyonse imafuna liwu lake, ndipo ntchito ya m'nkhokwe ina imafuna dzina la mwini nkhokweyo ndi la nkhokwe yomwe:

```
Fixes #214, fixes #215
Closes sitolo/malipiro#37
```

Choopsa kuposa khadi losasuntha ndi khadi losuntha molakwika. GitHub simva tanthauzo la chiganizo, imangofuna liwu lotsatizana ndi nambala. Wolemba wosamala amene wafuna kuchenjeza anzake kuti vuto likadalipo, n'kulemba `does not fix #214`, wailamula kutseka ntchitoyo. Dandaulo la wogula lipita pa `Done` lisiti likulakwikabe, ndipo palibe amene alitsegulenso chifukwa bolodi likunena kuti zonse zili bwino. Chimodzimodzi, zosintha zikabwezedwa chifukwa zaononga china, ntchito imene inatsekedwa sitsegukanso yokha. Pafunika munthu woti akumbukire.

Jira, chida cha kampani ya Atlassian yomwe inayambira ku Sydney mu 2002, chimayenda mwanjira ina. Ntchito iliyonse ili ndi chizindikiro cha zilembo ndi nambala, monga `PAY-42`. Chizindikirochi chikalembedwa m'dzina la nthambi, mu uthenga wosungira zosintha kapena pa mutu wa pempho, Jira yolumikizidwa ndi nkhokweyo imaonetsa zonsezo pa khadi. Woyang'anira amatha kuika malamulo oti nthambi ikatsegulidwa khadi lipite pa zimene zili mkati, pempho likatumizidwa lipite pa zoyembekezera kuunikidwa, likakanidwa libwerere. Wolemba angathenso kulamula Jira kudzera mu uthenga womwewo, koma izi zimakanika ngati imelo imene waika mu Git ikusiyana ndi ya akaunti yake ya Jira, ndipo anthu amataya nthawi kufufuza kwina pamene vuto ndi imelo chabe.

Nkhani imene gulu liyenera kugwirizana lisanayatse zonsezi ndi ya tanthauzo la kutha kwa ntchito. Kwa GitHub, ntchito 214 yatha pamene khodi yalowa ku `main`. Wogula uja sakudziwa za `main`. Iye akufuna lisiti lolondola, ndipo ngati sitoloyo imatulutsa pulogalamu yatsopano kamodzi pa masabata awiri, adikirabe ngakhale khadi lili pa `Done`. Wa ku ofesi yothandiza ogula akaona bolodi n'kumuuza kuti vuto latha, wamuuza zosaona mosadziwa. Magulu amene amatulutsa pulogalamu nthawi yomweyo khodi ikaphatikizidwa alibe vuto limeneli. Enawo amachita bwino kuwonjezera mzati wa zomwe zaphatikizidwa koma sizinafike kwa ogula, n'kusintha lamulo la bolodi kuti ntchito yotsekeka izifikira pamenepo. Khadi 214 lingachoke pa mzati umenewo tsiku limene woyesa pulogalamu wagula chinthu chochotseredwa mtengo pa sitolo yeniyeniyo n'kuona kuti masamu a pa lisiti akugwirizana.