Chifukwa chake timafunsa mabanja a m'tauni ochuluka kuposa gawo lawo

Anthu akamva kuti pa kafukufuku wina tafunsa mabanja 200 a m'tauni ndi 200 a kumudzi, ena amati takondera. Amati: "Kodi simudziwa kuti Amalawi ambiri ali kumudzi?" Timadziwa. Kalembera wa mu 2018, amene anachitidwa ndi ofesi yoona za chiwerengero ya ku Zomba, anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 84 amakhala kumudzi, 16 okha m'matauni. Kugawa mofanana koteroko timachita dala, ndipo si bodza malinga ngati tikonza masamu pamapeto. Vuto limabwera ndi amene amaiwala kukonzako.

Tiyerekeze boma lina lopeka, kuti manambala asativute. Lili ndi mabanja 10,000. Mwa awa, 1,000 ali pa tauni, 9,000 ali m'midzi. Tikufuna kudziwa kuti ndi angati ali ndi magetsi m'nyumba, ndipo ndalama zomwe tili nazo zikutilola kufika pa makomo 400 basi.

Njira yapafupi n'kulemba mabanja onse pa mndandanda umodzi, kupatsa lililonse nambala, kenaka n'kuchita maere. Njirayi siikondera, koma maere sadziwa kuti kuli tauni. Adzatipatsa mabanja a m'tauni pafupifupi 40, mwina 33, mwina 48, mmene zagwera tsikulo. Mabanja 40 ndi ochepa kwambiri. Tikapeza kuti 60 peresenti mwa iwo ali ndi magetsi, zoona zake zingakhale paliponse pakati pa 45 ndi 75 peresenti. Khonsolo ya tauni singakonze bajeti ndi yankho lotayirira chotero.

N'chifukwa chake timayamba tagawa mndandandawo pawiri, wa tauni paokha, wa kumudzi paokha, ndipo maere timachita m'gulu lililonse palokha. Kuchuluka kwa mabanja otengedwa m'gulu lililonse timasankha ndife, koma kuti ndi banja liti lilowe, amasankha ndi maere. Amfumu sasankha, wofunsa mafunso sasankha, ndipo nyumba yoyandikana ndi msewu ilibe mwayi woposa ya kutsidya kwa dambo.

Tinene kuti tatenga 200 uku, 200 uku. Ku tauni tatenga banja limodzi pa mabanja 5 alionse, pamene kumudzi tatenga limodzi pa 45 alionse. Manambala awiriwa, 5 ndi 45, ndiwo mtima wa nkhani yonse. Banja la m'tauni limene tafunsa likuyankhira mabanja 5, la kumudzi likuyankhira 45.

Ofunsa abwerako. Ku tauni apeza mabanja 120 mwa 200 ali ndi magetsi, ndiye 60 peresenti. Kumudzi apeza 10 mwa 200, ndiye 5 peresenti. Munthu waphuma amangophatikiza 120 ndi 10, n'kugawa 130 ndi 400, n'kulengeza kuti mabanja 32.5 peresenti m'bomalo ali ndi magetsi. Aliyense wokhala kumeneko angaseke. Wowerengayo wachita ngati theka la boma lili pa tauni.

Kawerengedwe koyenera ndi aka. Mabanja 120 a m'tauni tichulukitse ndi 5, tipeza 600. Mabanja 10 a kumudzi tichulukitse ndi 45, tipeza 450. Onse pamodzi ndi 1,050 mwa mabanja 10,000, ndiye 10.5 peresenti. Mayankho ndi omwe aja, palibe wanama pakhomo, koma nambala yolakwika ija yaposa yoona katatu. Ndipo tapindula chimene timafuna: yankho la tauni tsopano lili pakati pa 53 ndi 67 peresenti, osati pakati pa 45 ndi 75.

Palibe chaulere. Mabanja 160 amene tawonjezera ku tauni tawachotsa kumudzi, kumene kuli anthu ambiri, choncho nambala ya boma lonse yatayirirako. M'chitsanzo chathuchi, poyerekeza ndi kugawa makomo molingana ndi kukula kwa gulu lililonse, kuphonya kwake kwachoka pa mapointi pafupifupi 2.5 mbali iliyonse kufika pafupifupi 3. Kwa ine umenewo ndi mtengo wotsika ngati tikufunadi kunena kanthu za tauni payokha. Ngati tikungofuna nambala imodzi ya boma lonse, kugawa pakati ndi pakati n'kuwononga ndalama.

Pa nambala imodziyo pali kagawidwe kabwinopo, kamene katswiri wa ku Poland, Jerzy Neyman, anafotokoza mu 1934. Iye anaonetsa kuti gulu liyenera kulandira makomo ambiri ngati ndi lalikulu, komanso ngati mabanja ake ndi osiyanasiyana kwambiri. Kumudzi kwathu kuja pafupifupi aliyense alibe magetsi, ndiye khomo la 300 silikutiuza zambiri zimene la 299 silinatiuze. Ku tauni n'kosakanikirana, wina ali nawo, mnzake woyandikana naye alibe. Masamu a Neyman pa manambala athuwa amapereka pafupifupi 80 ku tauni ndi 320 kumudzi. Choipa chake n'chakuti kagawidwe koyenera funso la magetsi sikayenera funso la chimanga chimene banja lakolola, pomwe kafukufuku mmodzi amanyamula mafunso ambirimbiri. Ambiri a ife timangotera pakati, kuonetsetsa kuti gulu laling'ono lisachepe mpaka kusowa chonena za ilo. Ndi mmenenso zimakhalira ndi Likoma pa kafukufuku wa dziko lonse. Bomali linali ndi anthu osakwana 15,000 mu 2018, moti likanati lilandire gawo lake lenileni pa makomo 12,000, likanapeza makomo pafupifupi khumi.

Manambala ochulukitsira aja amasinthanso tikafika m'makomo. Ku tauni anthu amakhala ali kuntchito kapena kumsika masana, ena ali kumpanda ndipo mlonda wakana kutsegula geti. Ngati mwa 200 tapeza 160 okha, banja lililonse lopezeka likuyankhira 6.25, osatinso 5. Kukonza kumeneku kumangothandiza ngati osowawo akufanana ndi opezeka, ndipo nthawi zambiri safanana: a kumpanda aja ndiwo ali ndi magetsi. Mankhwala enieni n'kubwererako madzulo kapena Loweruka. Chimene sitilola n'chakuti wofunsa agogode pa nyumba yoyandikana chifukwa wapezapo munthu, pakuti akatero tidzakhala ndi mayankho a anthu okhala pakhomo masana okhaokha.

Mndandanda nawo umakalamba. Malo amene pa kalembera anali munda wa chimanga m'mbali mwa Lilongwe kapena Mzuzu, lero ndi maploti okhaokha. Ngati tauni yathu ija yakula kufika mabanja 1,500 ife tikadali kuwerenga 1,000, nambala 5 ija yachepa, ndipo magetsi a boma lonse tidzawachepetsa. N'chifukwa chake pa kafukufuku wamkulu amayamba asankha timadera ting'onoting'ono ta kalembera mwa maere, n'kutumiza anthu kukalemba nyumba zonse za m'timaderato mwatsopano, kenaka n'kusankha mabanja pa mndandanda watsopanowo.

Lipoti likakufikani m'manja, yang'anani tebulo lonena za mabanja amene anafunsidwa. Ngati a m'tauni ali theka la ofunsidwa m'dera limene mukudziwa kuti ndi la midzi, palibe cholakwika pamenepo. Fufuzani ngati alemba kuti banja lililonse likuyankhira angati. Amene ali ndi mayankho onse pa kompyuta angathe kuphatikiza manambala ochulukitsirawo: m'chitsanzo chathu, 200 kuchulukitsa ndi 5 kuphatikiza 200 kuchulukitsa ndi 45 ziyenera kubweza 10,000. Opanda kompyuta angoona pamene nambala ya dera lonse yagwera. Iyenera kuyandikira ya gulu lalikulu, monga 10.5 ikuyandikira 5 kuposa 60. Ikakhala pakatikati penipeni pa ya tauni ndi ya kumudzi, funsani amene analemba lipotilo ngati anachulukitsa.