Botolo limodzi, mayina atatu, mitengo iwiri: kufufuza zolemba zotsatsira malonda

Tiyerekeze kopaletivu ya amayi ya ku Mchinji yomwe imapanga chiponde ndi kupakira uchi. Dzina la katundu wawo talipeka tokha kuti nkhani iyende. Pa lebulo ya botolo palembedwa "Chiponde cha Kwathu". Kapepala komwe amagawa pa zionetsero za malonda kakuti "Kwathu Chiponde", pomwe chithunzi chomwe chikuzungulira pa WhatsApp chikuti "Chiponde Chakwathu". Kapepalako kakunena K3,800, mndandanda wa mitengo wa mu ofesi ukunena K4,500. Mwini golosale wa ku Lilongwe akaoda makatoni 10 ali ndi kapepala kakale m'manja, mkangano wayamba katundu asanatsike m'galimoto.

Palibe amene wanama dala. Lebulo inalembedwa ndi wosindikiza, kapepala kanalembedwa ndi mlembi wa gulu, chithunzi cha pa foni chinapangidwa ndi mwana wa mmodzi wa mamembala, aliyense pa nthawi yake. Mitengo nayo sikhala malo amodzi. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda ambiri anasintha mitengo mofulumira, koma zikwangwani ndi timapepala tomwe tinali titasindikizidwa kale tinapitiriza kunena zakale. Komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula pa kutsatsa kosocheretsa, ndipo wogula amene wapeza pa kauntala mtengo wosiyana ndi wa pa chikwangwani sadziwa ngati ndi kuiwala kapena chinyengo.

Ntchito imayamba ndi kutolera chilichonse chomwe wogula angachione: malebulo, timapepala, mndandanda wa mitengo, makotesheni, buku la malisiti, chikwangwani cha pamsewu, tsamba la Facebook, mawu omwe anawerengedwa pa wailesi. Chikwangwani chijambuleni ndi foni. Funsani ogulitsa anu kuti akutumizireni zithunzi zomwe iwo amatumizira makasitomala, chifukwa kawirikawiri ndi kumeneko komwe mitengo yakale imabisala. Chikalata chilichonse chipatseni nambala ndi tsiku lomwe chinatuluka, ngakhale loyerekeza.

Anthu ambiri akafika apa amayamba kuwerenga chikalata chimodzichimodzi, cholembera chofiira m'manja. Njirayi imagwira zilembo zosowa, koma sigwira kusiyana kwa zikalata, popeza chikalata chilichonse pachokha chimaoneka chabwinobwino. "Kwathu Chiponde" si kulakwitsa kufikira mutaliika pambali pa lebulo. Choncho zinthuzo zizulidwe m'zikalata n'kuikidwa pamalo amodzi. Tsegulani Excel, kapena jambulani mizere m'kope lalikulu, mukhale ndi makolamu asanu: chikalata, dzina la katundu, kukula kwake, mtengo, nambala ya foni. Paliponse pomwe katundu watchulidwa alandire mzere wakewake, ndipo mukopere ndendende momwe zalembedwera, ngakhale dzanja likuyabwa kuti mukonze. Mukakonza pokopera mwafufuta umboni womwe mukuufuna.

Mukamaliza, sanjani kolamu ya mayina kuyambira A mpaka Z. Mayina ofanana amaunjikana, ndipo lachilendo limaonekera lokha. Ngati mayina ali mu kolamu B, lembani izi mu kolamu yopanda kanthu n'kukokera pansi, kuti muone kuti dzina lililonse lapezeka kangati:

```
=COUNTIF(B:B,B2)
```

Dzina lomwe lapezeka kamodzi kapena kawiri pakati pa ena opezeka kambirimbiri ndi loyenera kuliyang'anitsitsa. Dziwani chabe kuti COUNTIF sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, moti "KWATHU" ndi "Kwathu" imaziwerenga ngati chinthu chimodzi. Imasiyanitsa dzina lomwe lili ndi mpata wotsalira kumapeto, womwe diso silingauone, ndiye mukapeza mayina awiri ooneka ofanana koma owerengedwa padera, yambani mwakayikira mpatawo. M'zikalata za Word ndi PDF, Ctrl+F imathandiza kusaka, koma sakani kachidutswa kochepa monga "kwath" kuti mitundu yonse ya dzinalo ituluke. Mawu omwe ali m'chithunzi kompyuta nthawi zambiri siwapeza mwa njira imeneyi. Amenewo ndi a maso basi.

Mitengo ndiyo imafuna kukhalirapo pansi, chifukwa si kusiyana kulikonse komwe kuli kulakwitsa. Pa tebulo la kopaletivu yathu, botolo la 500 g likupezeka pa K4,500, pa K3,800 ndi pa K4,000. Wa K3,800 ndi wakale, tsiku la kapepala likutsimikiza. Wa K4,000 ukuchokera pa kotesheni ya opikula: katoni ya mabotolo 12 ndi K48,000, ndipo 48,000 kugawa ndi 12 ndi 4,000. Mtengowo ndi wolondola, chosowa ndi mawu oti ndi wa ogula katoni yathunthu. Pali K4,000 ina pa chithunzi cha pa WhatsApp, yomwe yalembedwa pansi pa mawu oti "tachotsera 10 peresenti". Tengani chowerengera. 10 peresenti ya K4,500 ndi K450, kutanthauza kuti mtengo uyenera kukhala K4,050. Wina anaudula kuti umveke bwino, ndipo tsopano peresenti ndi mtengo zikutsutsana pa chithunzi chimodzi. Gulu lisankhe chimodzi: lilembe K4,050, kapena lisiye za peresenti n'kunena kuti "tachotsera K500". Bizinesi yomwe inalembetsa msonkho wa VAT ili ndi funso linanso pa mtengo uliwonse, loti msonkhowo uli momwemo kapena ayi, popeza kotesheni ya kampani nthawi zambiri imauika padera pamene mtengo wa pa shelefu umauphatikiza.

Kolamu ya kukula kwa katundu anthu amaidutsa mothamanga, koma muli msampha. Lebulo ya uchi ikuti 500 g, kapepala kakuti 500 ml. Wolemba kapepalako anaganiza kuti ndi chimodzimodzi, monga zimakhalira ndi madzi. Uchi ndi wolemera kuposa madzi: theka la lita limalemera pafupifupi 700 g. Choncho kapepalako kakulonjeza wogula uchi wochuluka ndi pafupifupi 200 g kuposa womwe uli m'botolo. Apa sipofunika kukambirana kwambiri. Ikani botolo lodzaza pa sikelo, muchotsepo kulemera kwa botolo lopanda kanthu, muone ngati lebulo ikunena zoona.

Izi zikutifikitsa pa chomwe ine ndimachiona kuti ndi mtima wa ntchito yonseyi. Tebulo limangoonetsa kuti zinthu zikusiyana, silinena cholondola, ndipo cholondola sichisankhidwa ndi kuchuluka kwa mavoti. "Kwathu Chiponde" likhoza kupezeka ka 15 chabe chifukwa choti munthu mmodzi analakwitsa kamodzi ena n'kumakopera. Chinthu chilichonse chikhale ndi gwero lake limodzi. Dzina ndi kulemera zichokere pa lebulo, chifukwa ndiyo wogula amaigwira, ndiyo yodula kuisintha, ndiponso ndiyo imafunika kugwirizana ndi zikalata za Malawi Bureau of Standards ngati katunduyo anayesedwa kumeneko. Mtengo uchokere pa mndandanda umodzi wokhala ndi tsiku, wovomerezedwa ndi msungichuma. Nambala ya foni ndi ya Airtel Money kapena Mpamba itsimikizidwe poiimbira kapena poyamba kutumiza ndalama n'kuona dzina lomwe likutuluka. Manambala awiri osinthana malo palibe diso lomwe limawagwira powerenga.

Kalembedwe ka mawu ndi nkhani yopepukirapo, ngakhale ndiyo imautsa mikangano yaitali pa misonkhano. Wina alemba "mtedza", wina "ntedza". Wina "mgaiwa", wina "mgayiwa". Wina amaika kachizindikiro pa ŵ, wina ayi. Pomwe malamulo a kalembedwe ka Chichewa anenapo, atsatidwe, ndipo dikishonale ya Chinyanja yomwe inakonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba ikhoza kuthetsa mkangano. Pomwe mitundu iwiri yonse ikupezeka m'mabuku ndi m'nyuzi, sankhani umodzi mupitirire. Dzina la katundu lokha ndilo silimvera dikishonale: likhale momwe lilili pa lebulo, ngakhale mphunzitsi wa Chichewa atatsinya nkhope.

Ziganizo zonsezi zikalembedwa pamodzi, pepala la kalembedwe lapangika. Likwane tsamba limodzi, chifukwa la masamba 10 palibe amene adzalitsegule. Pamwamba pakhale tsiku ndi udindo wa munthu wolisunga. Kenako mayina a katundu, lililonse ndi mitundu yolakwika yomwe mwaipeza pambali pake, kuti wolemba aizindikire: timalemba "Chiponde cha Kwathu", osati "Kwathu Chiponde" kapena "Chiponde Chakwathu". Pa ndalama musankhe pakati pa K, MK ndi MWK. Gulu lathu lasankha K yopanda mpata, koma yolekanitsa masauzande, popanda matambala: K4,500, osati MK4500 kapena K4,500.00. MWK aisungira makotesheni opita kunja, popeza ku Zambia nakonso ndalama yawo ndi kwacha ndipo amailemba ndi K yemweyo. Miyeso ilembedwe 500 g ndi 1 kg, osati 500gms kapena 1KG. Nambala ya foni igawidwe mofanana paliponse, manambala anayi, atatu, atatu. Kumapeto kukhale mawu ovuta aja motsatira alifabeti.

Mitengo yeniyeniyo isalowe pa pepalali. Pepala linene momwe mtengo umalembedwera ndi komwe ukapezeke, basi. Mukaikapo K4,500, pepala la kalembedwe lidzasanduka chikalata chinanso chonena mtengo wakale mtedza ukadzakwera. Pa chifukwa chomwecho, chikwangwani ndi lebulo, zomwe zimakhala zaka, ndi bwino zisakhale ndi mtengo, ndipo kapepala kokhala ndi mtengo kanene mwezi ndi chaka chomwe mtengowo unayamba.

Pokonza, yambani ndi zomwe zingadyetse munthu ndalama: nambala yolipirira, mtengo, kulemera. Mayina abwere pambuyo, zilembo pomalizira. Samalani ndi Replace All ya mu Word. Mukaiuza kuti isinthe "MK" aliyense akhale "K" osasankha Match case, "mkaka" usanduka "Kaka" ndipo "mkati" musanduka "Kati" m'chikalata chonse. Sinthani kamodzikamodzi mukuona. Timapepala tosindikizidwa kale sitiyenera kutayidwa tonse: tolakwika chilembo tikhoza kugawidwa mpaka titatha, koma tonena K3,800 kapena 500 ml tichotsedwe lero lomwe, kapena timatidwe kasitika kokonza. Mafayilo akale asamutsidwire mu foda yawoyawo, ogulitsa apemphedwe kufufuta zithunzi zakale m'mafoni mwawo, ndipo wosindikiza alandire pepala la kalembedwe pamodzi ndi ntchito iliyonse yatsopano. Akabweretsa chitsanzo choti muvomereze asanasindikize zambiri, wochiwerenga akhale munthu amene sanalembe nawo, pepala la kalembedwe ndi mndandanda wa mitengo zili pambali.